Mzere Ukakwera Pang'onopang'ono, Sindiye Kuti Watsika

"Mu disateshoni yanga ndili ndi galafu ya mzere yosonyeza chiwerengero cha anthu m'Malawi kuyambira 1966 mpaka 2018. Ndinalemba kuti chiwerengerochi chinatsika pakati pa 1987 ndi 1998, ndiye supavaiza wanga wandibwezera. Ndalakwitsa pati?"

Supavaiza wanu sanakulakwireni. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni, wa 1998 anapeza 9.9 miliyoni. Anthu anachuluka ndithu. Chomwe chinatsika ndi liwiro la kuchulukako: kuchoka pa 3.7 peresenti pachaka pakati pa 1977 ndi 1987, kufika pa 2.0 peresenti. Pagalafu yanu mzerewo ukupitabe m'mwamba, kungoti wagona pang'ono. Ikani chala pa kadontho ka 1987, mutsate mzere mpaka 1998. Ngati chala chakwera, mawu akuti "chinatsika" asapezeke m'chiganizocho.

Ndime yanu ingamveke chonchi: "Chithunzi 4.1 chikusonyeza kuti chiwerengero cha anthu chinkakwera pa kalembera aliyense, kuchoka pa 4.0 miliyoni mu 1966 kufika pa 17.6 miliyoni mu 2018, komwe ndi kuchuluka kuposa kanayi. Chinakwera mofulumira kwambiri pakati pa 1977 ndi 1987, pa 3.7 peresenti pachaka, kenako liwirolo linatsikira pa 2.0 peresenti pakati pa 1987 ndi 1998. Linakweranso kufika pa 2.9 peresenti pakati pa 2008 ndi 2018, pamene anthu anawonjezereka ndi pafupifupi 4.5 miliyoni."

Onani kuti ndayamba ndi komwe mzere wonse walowera, kenako ndatchula pamene wasinthira. Sindinatchule madontho onse, poti wowerenga akuwona yekha galafuyo.

Pali msampha wina womwe ndikufuna muupewe. Makalembera athu sanatalikirane mofanana: kuchoka 1987 kufika 1998 ndi zaka 11, pomwe 1977 kufika 1987 ndi zaka 10. Mu Excel, mukasankha Line zakazo zitalembedwa ngati mayina chabe, madontho onse amatalikirana mofanana, ndipo kupendekeka kwa mzere kumasocheretsa maso. Sankhani Scatter with Straight Lines kuti chaka chilichonse chikhale pamalo pake. Kumbukiraninso kuti madontho enieni ndi asanu ndi limodzi okha. Mzere wolumikiza madonthowo sumachokera pa kuwerenga anthu, choncho musalembe kuti mu 1992 anthu analipo akutiakuti potengera pomwe mzere wadutsa.

Mwina mudzafuna kulemba kuti liwirolo linatsika chifukwa anthu othawa nkhondo a ku Mozambiki anabwerera kwawo mtendere utasainidwa mu 1992. Ndi mfundo yabwino, koma galafu payokha siyikunena zimenezo. Mawu akuti "chifukwa" muwasungire chaputala chokambirana zotsatira, komwe mudzakhale ndi malo obweretsa umboni wake.