Musalembe mawu onse, lembani zomwe agwirizana

"Andisankha kukhala mlembi wa komiti yathu, mawa ndi msonkhano wanga woyamba. Anthu amalankhula mofulumira, ndingalembe bwanji zonse?"

Achimwene, zonse ayi, dikirani chigamulo basi. Pa mutu uliwonse mugwire zomwe agwirizana, amene achite ntchitoyo, ndi tsiku lomalizira.

Usiku uno pemphani ajenda kwa atcheya, mutu uliwonse muupatse tsamba lake mu kope, mayina a mamembala mulemberetu kuti mawa muzingochonga amene abwera ndi amene apepesa. Maminitsi a msonkhano wapitawo muwerengenso kuti akayamba zotsalira musasochere.

Ine tsiku langa loyamba ndinadzaza masamba 6, anthu akukangana za denga la ofesi lomwe limadontha, ndinalemba mpaka nthabwala komanso wina atanena kuti mnzake ndi waulesi, koma pomwe amagwirizana ine ndinali ndikumalizabe chiganizo chakale, ndiye funso loti ntchitoyi anapatsa ndani linandisowetsa chonena. Zofunika zinali mizere iwiri yokha: "Anakambirana zokonza denga. Agwirizana kuti msungichuma abweretse makotesheni 3 pofika pa 15." Zonyozanazo zisiyeni, olo wina akuuzeni kuti mlembi lemba zimenezo, yang'anani kaye kwa atcheya.

Mukaona akusamukira mutu wina inu simunamve chigamulo, kwezani dzanja, "Pepani atcheya, ndilembe kuti tagwirizana chani?" Nthawi zina mupeza kuti eni akewo sanagwirizane kanthu. Manambala, ndalama ndi mavoti muziwerenga mokweza atsimikize, ndipo mukonze maminitsiwo tsiku lomwelo mutu usanaiwale.

Koma ngati ndi nkhani yochotsa munthu ntchito kapena ndi msonkhano wa bodi ya kampani, funsani loya kapena mlembi wa kampani kaye, maminitsi amenewo amatha kukafika kukhothi.