Pampu yasefukiranso thanki: za wotchidogi pa Arduino Nano

"Akuluakulu thandizeni. Ndinaika Arduino Nano yoyatsa ndi kuzimitsa pampu kudimba, ili ndi rileyi, sensa ya m'thanki ndi kasikirini ka LCD ka I2C. Imagwira bwino masiku atatu kapena anayi kenako imangouma, mpaka munthu akaizimitse n'kuyatsanso. Dzulo yauma pampu ili chiyakire, madzi asefukira usiku wonse. Kudimbako n'kutali. Ena akuti ndiike wotchidogi, zimatheka bwanji?"

Achimwene, pepani ndi madziwo. Chokoma n'chakuti simugula kanthu, chifukwa wotchidogiyo ali kale m'kati mwa tchipi ya ATmega328P imene ili pa Nano yanu. Ndi kawotchi kodziimira pakokha, koyendera osileta yakeyake ya 128 kHz, moti pulogalamu yanu ikauma iko kamapitirizabe kuwerenga. Mumakauza kuti kadikire nthawi yakuti, kuyambira mamilisekondi 16 mpaka masekondi 8. Pulogalamu ikamayenda bwino imakabwezera pa ziro nthawiyo isanakwane. Ikalephera kutero, kawotchiko kamadzutsa tchipi kuti iyambirenso, chimodzimodzi ngati munthu wadina batani la RESET.

Kalembedwe kake, m'kati mwa pulogalamu yanu imene muli nayo kale, n'kotere:

```cpp
#include <avr/wdt.h>

void setup() {
  digitalWrite(RELAY, HIGH);
  pinMode(RELAY, OUTPUT);
  wdt_enable(WDTO_8S);
  lcd.init();
  Wire.setWireTimeout(25000, true);
}

void loop() {
  werengaThanki();
  yendetsaPampu();
  lembaPaLCD();
  wdt_reset();
}
```

Yang'anitsitsani pamene ndaika `wdt_reset()`. Ali pamalo amodzi okha, kumapeto kwa `loop()`, ntchito zonse zitachitika. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Anthu ambiri, poopa kuti bolodi izingodzizimitsa, amamwaza mzerewu paliponse, ngakhale m'kati mwa `while` yodikira sensa, ena mpaka amauika mu intarapiti ya tayima. Mukatero mwaupha wotchidogi ndi manja anu. Intarapiti imapitiriza kugunda ngakhale `loop()` itakakamira, ndiye kawotchi kazingouzidwa kuti zonse zili bwino pamene madzi akutayikira pansi. Mzerewu uzifikidwa pokhapokha thanki yawerengedwadi ndipo chigamulo cha pampu chapangidwadi.

Zikutanthauzanso kuti ulendo umodzi wa `loop()` usamayandikire masekondi 8. Ngati muli ndi `delay(10000)` penapake, bolodi iziyambiranso pa `delay` yemweyo mpaka kalekale. Chotsani, muwerengere nthawi ndi `millis()`. Ine ndimayeza kaye ulendo wautali kwambiri pa Serial Monitor, ndipo ndimafuna usapitirire theka la nthawi ya wotchidogi. Tsiku lina mukadzawonjezera SIM800L kuti izikutumizirani uthenga, mudzakumbukire izi, chifukwa kudikira netiweki kumudzi kumatha kudutsa masekondi 8 mosavuta. Kudikira koteroko muzikudula tizidutswa, ndi malire ake, osati kuima pamzere umodzi.

Tsopano msampha wa Nano, ndipo musaulumphe chonde. Wotchidogi akadzutsa tchipi, iye amakhalabe woyaka, koma nthawi yake imabwerera pa yaifupi kwambiri ija, pafupifupi mamilisekondi 16. Butiloda ndi kapulogalamu koyamba kuyenda tchipi ikadzuka. Yakale, imene ili pa ma Nano ambiri otsika mtengo, siizimitsa wotchidogi, ndipo imachedwa isanapereke mpata ku pulogalamu yanu. Ndiye tchipi imadzutsidwanso isanafike n'komwe pa `setup()`, n'kumangozungulira choncho. Zinandionekera patebulo panga: kagetsi ka pa pini 13 kakuphethira mothamanga ngati kakunjenjemera, batani la RESET osathandiza, pulogalamu yatsopano kukana kulowa. Zinasiya nditazula waya wa magetsi. Taganizani zitachitikira kudimba kopanda munthu.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Ngati bolodi yanu imalola pulogalamu pokhapokha mutasankha `ATmega328P (Old Bootloader)` pansi pa Tools > Processor, ndiye muli ndi yakaleyo. Mankhwala ake ndi kuikamo butiloda ya Optiboot, imene ili pa Uno ndipo imadziwa kusamala wotchidogi. Mufunika Arduino ina yobwereka: muilowetse pulogalamu ya ArduinoISP, mulumikize mabolodi awiriwo, musankhe `Arduino as ISP` ndi purosesa ya `ATmega328P` yopanda mawu a Old aja, kenako `Burn Bootloader`. Ngati izi zikukuvutani, sinthani muike Uno basi.

Musapite nayo kudimba musanaiyese. Lembani kamzere koti mukadina batani lina pulogalamu ilowe mu `while (1) {}`, ndiko kuiumitsa dala, rileyi ili yoyaka. Werengani masekondi. Akamakwana 8 mumve rileyi ikuti "tcha", sikirini iyambirenso. Isakuvutitseni ikasiyana pang'ono, osileta ija si yolondola ngati wotchi ya pamkono. Bwerezani kasanu.

Mizere iwiri yoyamba ya `setup()` ilinso ndi chifukwa chake. Tchipi ikangodzuka, mapini onse amakhala osalamula kanthu mpaka pulogalamu iwauze. Marileyi ambiri a pa timabolodi tabuluu tija amayaka pini ikakhala `LOW`, choncho mukayamba ndi `pinMode` pampu imagwedezeka kamphindi ulendo uliwonse bolodi ikadzuka. N'chifukwa chake ndayamba ndi `HIGH`. Ngati yanu imayaka ndi `HIGH`, tembenuzani, ndipo muikenso rezisita ya 10k yokokera pini pansi. Lamulo langa ndi lakuti bolodi izidzuka pampu ili yozima, idikire mphindi imodzi kapena ziwiri powerengera ndi `millis()`, iwerenge thanki, kenako igamule. Kudikirako kumateteza mota: bolodi itati ikuyambiranso masekondi 8 alionse, simukufuna mota izilizidwa kambirimbiri motero.

Koma kunena zoona, chimene chikuumitsa bolodi yanu chikadalipo, ndipo ine ndikukayikira kasikirini kaja. Rileyi ikamadula mota pamathetheka moto pang'ono, phokoso la magetsi limalowa m'mawaya a SDA ndi SCL, ndipo laibulale ya `Wire` ikasokonezeka imadikira mpaka muyaya ngati simunaipatse malire. Ndiyo ntchito ya `setWireTimeout`: ikadikira mamilisekondi 25 imasiya, pulogalamu n'kupitiriza. Ikakana pokompaila, ndiye Arduino AVR Boards yanu ndi yakale kuposa 1.8.3, isinthireni pa yatsopano. Fupikitsani mawaya a sikiriniwo, muwatalikitse ndi a pampu, rileyi muipatse magetsi akeake pochotsa kajampa ka JD-VCC ngati kalipo, ndipo ngati mukuyendetsa kontakita ya AC muike sinaba pakoyilo yake. Dziwaninso kuti wotchidogi amadzutsa ATmega yokha. Katchipi ka kuseri kwa sikirini kakagwira SDA n'kuikanikiza pansi, kamakhalabe chigwirire ngakhale Nano itayambiranso, kufikira mutakadulira magetsi kapena kugunda SCL kasanu n'kanayi musanayitane `lcd.init()`.

Pomaliza, muike chowerengera. Mu `setup()` muziwonjezera 1 pa nambala yosungidwa mu EEPROM, n'kumaionetsa pakona ya sikirini. Idzawerenganso kuthima kwa magetsi, koma si vuto. Mukapita Loweruka n'kupeza yakwera ndi 2, zili bwino. Mukapeza yakwera ndi 60, ndiye kuti wotchidogi akungobisa matenda, bwererani ku mawaya aja. Ndipo pa thanki lomwe lasefukira kale, ine ndikanaikanso swichi yoyandama yachiwiri pamwamba penipeni, yodula waya wa koyilo mwachindunji osadzera mu Arduino. Tumizani chithunzi cha m'bokosimo ndi dzina la rileyi, tione mmene mawaya ayendera.