Trokeyi, ayambu ndi phazi la mawu: yambirani pa Dominus vobiscum

"Abale ndithandizeni. M'kalasi akutiphunzitsa za mapazi a mawu, trokeyi ndi ayambu. Ndaloweza kuti trokeyi imatsindika koyamba, ayambu kumapeto, koma sindikuona ntchito yake. Bwanji osangoloza phatikizo lotsindikidwalo basi? Nanga Chichewa chathu chili mbali iti?"

Achemwali, kuloza phatikizo kumatheka pa mawu amodzi amene mwawamva kale. Koma mwana wolankhula chinenero chake amatsindika pamalo oyenera ngakhale pa mawu amene akuwaona koyamba lero. Ndiye kuti m'mutu mwake muli lamulo, ndipo phazi ndi njira yolembera lamulolo. Phazi ndi kagulu ka maphatikizo, kawirikawiri awiri, lina lamphamvu lina lofooka. Mayinawa anachokera kwa Agiriki akale poyeza ndakatulo, ndipo akatswiri a kamvekedwe ka zinenero anawabwereka. Mark Liberman ndi Alan Prince mu 1977 anaonetsa kuti kutsindika si chizindikiro chokhala pa lembo limodzi palokha, koma kuti phatikizo limamveka lamphamvu poliyerekeza ndi linzake. Bruce Hayes anadzakulitsa ganizoli m'buku lake la 1995.

Tiyeni tigwire Chilatini, chifukwa lamulo lake ndi loyera ngati madzi a pachitsime. Amene anakulira ku Katolika akudziwa mawu aja a wansembe, Dominus vobiscum. Amatchulidwa DO-mi-nus vo-BIS-cum. Onse ali ndi maphatikizo atatu, koma wina watsindika loyamba, wina lapakati. Mukangoloza ndi chala, munena kuti Chilatini chilibe dongosolo. Dongosolo lilipo, ndipo limayenda chonchi.

Choyamba, phatikizo lomaliza liikeni pambali, silowerengedwa. Kenaka yesani kulemera kwa otsalawo. Phatikizo lothera ndi liwu lalifupi, monga do kapena mi, ndi lopepuka: lili ndi muyeso umodzi, umene amautcha mora. Lokhala ndi liwu lokoka, kapena lotsekedwa ndi lembo lopanda liwu monga bis, ndi lolemera: mamora awiri. Tsopano kuchokera kumapeto mangani phazi limodzi la mamora awiri, mphamvu ikhale kumanzere. Pa dominus, tachotsa nus, kwatsala do ndi mi. Mi yekha sakwana, ndiye akoka do, phazi likhala (DO.mi)nus. Pa vobiscum, tachotsa cum, ndipo bis payekha wakwana kale mamora awiri, safuna mnzake: vo(BIS)cum. Mwaona? Malo otsindika ndi osiyana koma phazi ndi lomwelo, trokeyi ya mamora awiri. Yesani nokha pa magister: ma(GIS)ter. Ndipo dzina la Cicero, limene ndi (CI.ce)ro, likalandira mchira nkukhala Ciceronis, mphamvu imasamukira pa ro chifukwa o wake ndi wokoka: Cice(RO)nis. Palibe choloweza apa, lamulo likudzigwirira ntchito lokha.

Ayambu ili ndi khalidwe lina, ndipo apa mpamene ine nkhaniyi inandigwira mtima. Si trokeyi yongotembenuzidwa ayi. Ayambu imakonda kuti phatikizo loyamba likhale lalifupi, lachiwiri lalitali, ndipo zinenero zambiri za ayambu zimachita kukoka liwu lachiwirilo kuti phazi likhale m'mene likufunira. Chinenero cha Hixkaryana cha ku Brazil, chimene Desmond Derbyshire anachifotokoza, chimamanga mapazi kuchokera koyambirira kwa mawu. Mawu akuti owtohona, kutanthauza kupita kumudzi, amagawika (OW)(to.HOO)na. Ow ndi lolemera, laima lokha. To ndi ho apanga phazi, ndipo ho wakokedwa ngakhale kuti pachiyambi anali wamfupi. Hayes anagwirizanitsa izi ndi m'mene khutu la munthu limamvera: phokoso likamasinthana pa kukula, timamva lalikulu ngati loyamba m'gulu, likamasinthana pa kutalika, timamva lalitali ngati lotsiriza. Menyani tebulo muyese, mumva.

Tibwere kwathu. Mutchule mawu awa mokweza: PHI-ka, phi-KI-ra, phi-ki-RA-na. Nthawi zonse phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limakokedwa, phiika, phikiira, phikiraana, ndipo mukawonjezera mchira, kukokako kumasuntha nawo. Imeneyi ikuoneka ngati trokeyi imodzi yokhala kumapeto kwenikweni: phi(KI.ra), phiki(RA.na). Sitiyeza kulemera monga Chilatini, timangowerenga maphatikizo awiri.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa, ndipo inenso ndinagwapo pa mayeso. Munthu amaona phi-KI-ra, naona chofooka chikutsogola champhamvu chikutsatira, nkulemba kuti ayambu: (phi.KI)ra. Pa mawu a maphatikizo atatu okha simungatsutse, magawidwe onse awiri akupereka KI. Mawu amodzi sangakuuzeni mtundu wa phazi. Muyenera kuona afupi ndi aatali pamodzi. Ayambu yoyambira kumanzere ikanatipatsa phi-KA ndi phi-KI-rana, zimene palibe Mchewa angalankhule. Wina akhoza kuumirira kuti ayambu ili kumanja, phatikizo lomaliza taliika pambali monga m'Chilatini. Koma akafika pa phika, atsala ndi phi yekha, phazi la mwendo umodzi, pamene trokeyi ikungokwana bwinobwino ngati chivundikiro pa mphika wake.

Umboni umene ndimaukonda koposa sukhudza nkomwe kutsindika. Polamula timachotsa ku: kuphika, phika; kugona, gona. Nanga kudya? Sitinena dya. Timati idya, imwa, ipha. I ameneyu alibe tanthauzo lililonse, wabwera kudzadzaza malo, chifukwa mneni woima payekha safuna kuchepera maphatikizo awiri. Ndipo maphatikizo awiri ndiwo phazi limodzi lathunthu. Kiswahili chimachita zofanana m'njira yake: amati ninapika koma ninakula, ku wosachoka pa tsinde la phatikizo limodzi. Mukanangoloza phatikizo lotsindikidwa, i wa idya mukanamufotokoza bwanji? Phazi likufotokoza zinthu ziwiri ndi ganizo limodzi, nchifukwa chake akatswiri amalikhulupirira ngakhale palibe amene analimvapo ndi khutu.

Koma musathamangire kulemba kuti Chichewa chimatsindika ngati Chingerezi. Pali zinthu ziwiri zosamala nazo. Kukoka kwathu kumatsata chigawo cha chiganizo kuposa mawu amodziamodzi. Nenani nyumba payekha, mumva nyuumba. Nenani nyumba yaikulu mosapumira, kukoka kwenikweni kwapita pa ku wa yaikulu, nyu watsala wamfupiko. Jonni Kanerva analemba za zimenezi mu 1990, ndipo Laura Downing ndi Al Mtenje anazifotokozanso m'buku lawo la kamvekedwe ka Chichewa la 2017. Chachiwiri, ife tili ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu, kumene ndi nkhani ina. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika onse amakoka te mofanana, phazi ndi limodzi, m(TE.ngo), koma wa m'nkhalango te wake amakwera pamene wa pamsika amakhala pansi. Amene wazolowera Chingerezi amamva kukwerako nkuganiza kuti ndiko kutsindika, ndiye amaika phazi polakwika pa mawu amene amakwera chakoyambirira, monga mawu akuti analemba. Mukamayesa mawu athu, funsani kuti ndi phatikizo liti latalika, osati liti lakwera.

Pa ntchito yanu ya m'kalasi, tengani tsinde limodzi, mulitalikitse pang'onopang'ono monga tachitira ndi phika, mulembe pamene mphamvu yagwera nthawi iliyonse. Ikamatsatira kumapeto, werengani kuchokera kumanja. Ikakhala phee koyambirira, werengani kuchokera kumanzere. Mukapeza mawu awiri ofanana kutalika koma otsindika mosiyana, monga dominus ndi vobiscum, yang'anani kulemera kwa maphatikizo musanagamule kuti lamulo lasweka.