Kapepala kolengeza benchi yachiwiri

"Achimwene, ndili ndi benchi ya usipa, mpunga ndi ufa ku Yeoville, kuno ku Joni. Pa 1 Ogasiti ndikutsegula ina ku Mayfair. Ndilembe chiyani pa kapepala kogawira anthu?"

Achemwali, mzere umene ambiri amauiwala ndi wonena kuti benchi yakale ikadalipo. Ine ndinaphunzira mowawa. Pa kapepala kanga ndinangolemba kuti "Tsopano tili ku Turffontein", makasitomala anga akale nkumayesa kuti ndasamuka. Mayi wina amene ankagula nyemba sabata iliyonse anasowa mwezi wathunthu, ndipo nditakumana nawo ku tchalitchi anati, "Paja munachoka?"

Tiyerekeze kuti benchi yanu ili pafupi ndi siteshoni. Ine ndikadalemba chonchi:

TATSEGULA BENCHI YACHIWIRI KU MAYFAIR
Usipa, mpunga wa Kilombero, ufa woyera
Loweruka pa 1 Ogasiti, 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo
Pafupi ndi siteshoni ya sitima, moyang'anana ndi butchala, pa ambulera yobiriwira
Basela kwa ogula mpunga, tsiku lotsegulira lokha
Ku Yeoville tikadalipo monga kale
WhatsApp: nambala yanu

Pa mzere wa malo mpamene muyenera kukhalirapo. Kuno ku Joni dzina la msewu palokha limasocheretsa, chifukwa misewu ina inasinthidwa mayina. Pa chikwangwani palembedwa Lilian Ngoyi, koma wa takisi ndi tonsefe timangoti Bree. Choncho lembani dzina limene anthu amatchula, muonjezere chinthu chooneka ndi maso, monga mzikiti kapena mtundu wa ambulera yanu. Mukatero, patsani kapepalako munthu amene sanafikeko, mumufunse kuti, "Mungatsike pati?" Akayamba kukanda mutu, mzerewo sunapse.

Tsiku lilembeni ndi dzina lake ndi deti lomwe. Mukangoti "Loweruka lino", kapepalako kadzazungulirabe m'magulu a WhatsApp patatha masabata atatu, anthu nkubwera kudzafuna basela amene anatha kalekale. Nchifukwa chake mawu akuti "tsiku lotsegulira lokha" asachoke. Mitengo ya usipa musaiikepo, poti imasintha katundu akamabwera kuchokera kumudzi, ndipo wogula adzakuonetsani pepala lanu lomwe pokangana nanu.

Posindikiza, uzani wa fotokope aike timapepala tiwiri pa pepala limodzi la A4, mudule pakati. Zilembo zikhale zakuda papepala loyera, chifukwa zithunzi za nsomba zimangotuluka bii. Musanalipire mapepala onse, sindikizani limodzi, muimbe nambala imene yalembedwapo, muone ngati ikulira ndi foni yanu.

Kumata pa mapolo a magetsi kumafuna chilolezo cha khonsolo ya mzinda, ndiye ine ndimakonda kupereka pamanja. Ikani mulu pa benchi ya ku Yeoville, aliyense wogula muzimuikira kamodzi m'jumbo, nkumuuza kuti akapatse m'bale wake wokhala ku Mayfair kapena ku Fordsburg.