Ikwilibriyamu yapita kumanzere, koma gasi wada kuposa poyamba

Kalata iyi yachokera kwa mtsikana wa Fomu 6 wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare:

"Aphunzitsi, ndithandizeni. Pa mayeso oyeserera a ZIMSEC anatipatsa N₂O₄ ⇌ 2NO₂ m'sirinji yotseka, n'kutifunsa chomwe chichitike voliyumu ikachepetsedwa ndi theka. Ndinalemba kuti ikwilibriyamu ipita kumanzere, choncho mtundu wabulawuni uzilala. Gawo loyamba anandichongera, lachiwiri anandidula. Kenako anafunsa za kuthiramo aligoni, ndinati puresha yakwera ndiye ipitanso kumanzere, anandidulanso. Kodi lamulo la Le Chatelier limanama nthawi zina?"

Mwanangu, lamulolo silinakunamize, koma unalifunsa zinthu zimene silingayankhe. Henri Le Chatelier analilemba mu 1884, ndipo chimene limatiuza ndi mbali yokha imene riyakishoni ilowere. Silinena kuti ipita mtunda wotani, ndipo silikuthandiza kudziwa ngati chimene wachitacho chasokonezadi ikwilibriyamu. Ine ana anga m'kalasi ndimawauza kuti asanatchule dzina la Le Chatelier ayambe alemba Q, ayiyerekeze ndi K. Mafunso ako onse awiri amamasuka pamenepo.

Q imalembedwa chimodzimodzi ndi K. Kusiyana kwake n'kwakuti mu K timaikamo makonsentireshoni a pa ikwilibriyamu, pomwe mu Q timaikamo amene alipo pakali pano, kaya zinthu zakhazikika kaya ayi.

```
N₂O₄(g) ⇌ 2NO₂(g)     ΔH ≈ +57 kJ/mol
Q = [NO₂]² / [N₂O₄]
```

Q ikaposa K ndiye kuti za pamwamba zachuluka, ndipo riyakishoni ibwerera kumanzere. Q ikachepera K ipita kumanja. Zikafanana palibe chisunthe. N₂O₄ alibe mtundu, wabulawuni ndi NO₂ yekha.

Tiyike manambala. Ndasankha K = 0.0050, yomwe ili pafupi ndi imene mabuku amapereka pa madigiri 25, komanso ndi yosavuta kuwerengetsera. Tinene kuti chotengera chathu ndi cha 1 dm³, ndipo muli mamolo 0.0050 a NO₂ ndi mamolo 0.0050 a N₂O₄. Ukawerengetsa upeza Q ndi 0.0050, ndiye kuti tili pa ikwilibriyamu.

Tsopano kankha pisitoni mpaka voliyumu ifike theka, kutentha kukhale komweko. Molekyulu ngakhale imodzi isanasinthe, makonsentireshoni onse awiri awirikiza kale kawiri, chifukwa mamolo omwewo apanikizana m'malo ochepa. Aliyense wafika pa 0.010. Koma taona mmene Q yachitira: pamwamba pali pawa ya 2, ndiye pawirikiza kanayi, pomwe pansi pangowirikiza kawiri. Q yakhala 0.010, kuwirikiza K kawiri. Ichi ndiye chifukwa chenicheni chimene ikwilibriyamu ikupitira "kumbali ya mamolo ochepa a gasi". Mawu amenewa umaloweza, koma gwero lake ndi mapawa a mu Q. N'chifukwa chakenso H₂ + I₂ ⇌ 2HI sisuntha ukaipanikiza: pamwamba kanayi, pansi kawiri kuchulukitsa ndi kawiri, Q imangokhala momwemo.

Mpaka apa unakhoza. Funso limene unalidumpha ndi loti ibwerera mtunda wotani. Tinene kuti N₂O₄ wawonjezeka ndi x. Pamenepo NO₂ wachepa ndi 2x, popeza pamafunika awiri kuti apange mmodzi.

```
(0.010 − 2x)² / (0.010 + x) = 0.0050
x = 0.00125
[NO₂] = 0.0075     [N₂O₄] = 0.01125
```

Usangondikhulupirira, bwezera manambalawo mu Q uone kuti ikubwerera pa 0.0050. Ndiye tsatira ulendo wa NO₂. Anayamba pa 0.0050, kupanikiza kunamukweza kufika pa 0.0100, ndipo kusuntha kwa ikwilibriyamu kwamutsitsa kufika pa 0.0075. Watsika, inde, koma sanafike pomwe anachokera. Ali pamwamba ndi theka lathunthu. Diso likayang'ana sirinji cham'mbali limaona konsentireshoni, choncho gasi akuoneka wakuda kuposa poyamba ngakhale ikwilibriyamu yapita kumanzere.

Chimene chachepa ndi mamolo. Poyamba NO₂ anali mamolo 0.0050 mu 1 dm³. Tsopano ndi 0.0075 kuchulukitsa ndi 0.5, zomwe zikutipatsa mamolo 0.00375. Zili ngati ndiwo zimene msuzi wake wauma pamoto: ngakhale utatapamo mchere pang'ono, zotsalazo zimawawabe mchere kuposa mmene unazitherekera. Mamolo ndi konsentireshoni zimayendera limodzi pokhapokha voliyumu ikakhala yosasintha. Ikangosintha, dzifunse kuti wolemba mayeso akufuna chiti pa ziwirizi.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimakonda kwambiri pa sirinji imeneyi, ndipo mabuku ambiri amazidutsa. Choyamba, ukayang'ana mulitali mwake, kuchokera kukamwa kulowera ku pisitoni, kuwala kumadutsa mamolekyulu onse a NO₂ amene ali m'katimo, ndiye umaona mamolo, ndipo mtundu umazilaladi pang'ono. Sirinji yomweyo, mayankho awiri, malinga ndi kumene waima. Pa mayeso, ngati sananene kanthu, tenga kuti akuyang'ana cham'mbali. Chachiwiri, mu labu ukakankha pisitoni mwamphamvu gasi amada kaye kenako n'kuwalako, ndipo timakonda kunena kuti tikuona ikwilibriyamu ikusuntha. Zoona zake n'zakuti riyakishoni iyi imathamanga kwambiri moti diso silingaitsatire. Kwakukulu chimene umaona ndi gasi amene watenthedwa ndi kupanikizako, kenako n'kumazizira. Mayankho a pa mayeso sasintha ndi zimenezi, koma ndi bwino uzidziwe. Ndipo NO₂ ndi poizoni woononga mapapo, amagwiridwa m'kabati yokoka utsi basi, osati poyera.

Tibwere kwa aligoni. Apa ndi pamene mawu oti "puresha" amasocheretsa anthu ambiri. Lembanso Q uyang'ane: kodi aligoni alimo? Mulibe. Ukamupopera m'chotengera cholimba chimene voliyumu yake sisintha, geji ionetsa kuti puresha yonse yakwera, koma mamolo a NO₂ ndi omwewo, a N₂O₄ ndi omwewo, voliyumu ndi yomweyo. Makonsentireshoni sanasinthe, Q ikadali 0.0050, ndipo palibe chosuntha. Puresha imene ili ndi ntchito ndi ya gasi aliyense wa mu riyakishoni payekha, osati ya onse pamodzi. Koma werenga funso mosamala. Akanena kuti aligoni wathiridwa puresha yonse ikhale yomweyo, ndiye kuti pisitoni yabwerera m'mbuyo kuti apeze malo. Voliyumu yakula, makonsentireshoni atsika, ndipo pamwamba pa Q patsika kwambiri kuposa pansi. Voliyumu ikawirikiza kawiri Q imagwa kufika pa 0.0025, yachepera K, ndipo ikwilibriyamu ipita kumanja.

Za konsentireshoni sindichedwapo, chifukwa njira yake ndi yomweyi. Utathira NO₂ m'chotengera choyamba chija mpaka afike pa 0.010, Q ikhala 0.020, ndipo riyakishoni ipita kumanzere. Idyako gawo la NO₂ wowonjezerayo, osati yense, ndiye pomaliza adzakhalabe wochuluka kuposa 0.0050. Kumbukiranso kuti zolimba sizilowa mu Q. Mu CaCO₃(s) ⇌ CaO(s) + CO₂(g), kuwonjezera mwala wa laimu sikusuntha kanthu.

Kutentha ndiye kuli ndi khalidwe lakelake, ndipo ndikufuna ulimvetse bwino chifukwa mamalikisi ambiri amatayikira pamenepa. Mu zonse zimene tachita pamwambapa, K inali phee pa 0.0050, ndipo imene timaikankha inali Q. Ukatenthetsa chubu chotseka zinthu zimatembenuka: pa kanthawi koyamba mamolo ndi voliyumu ndi zomwezo, choncho Q sinasinthe, koma K ndi imene yasamuka. Kudula N₂O₄ kuti akhale NO₂ awiri kumafuna mphamvu, pafupifupi 57 kJ pa molo iliyonse, chifukwa pakuthyoledwa bondi ya pakati pa maatomu awiri a naitirojeni. Riyakishoni yotere, ya ΔH ya pulasi, K yake imakula kutentha kukakwera. Pa iyi, pafupi ndi kutentha kwa m'chipinda, madigiri 10 okha amaiwirikiza pafupifupi kawiri. Ndiye pa madigiri 35 K yathu ili cha m'ma 0.010 pomwe Q yatsalira pa 0.0050. Q yachepera K, riyakishoni ipita kumanja, NO₂ achuluka.

Apa palibe msampha wa mamolo ndi konsentireshoni, popeza voliyumu sinasinthe. Zonse zikwera limodzi ndipo mtundu uda. Ukaika chubu chimodzi m'madzi a ayezi, china m'madzi otentha, cha mu ayezi chimatsala pang'ono kuyereratu, cha m'madzi otentha chimada bii. Ngakhale popanda ayezi, chubu chimene chasiyidwa pa shelefu kuno ku Harare chimaoneka chofooka mtundu m'mamawa wa Juni kusiyana ndi masana a Okutobala.

Aphunzitsi ena amalemba "kutentha" kumanzere kwa ikwezhoni ngati kuti ndi chinthu chothira mu botolo. Njira imeneyo imakupatsa mbali yolondola, koma ine sindiikonda, chifukwa imabisa mfundo yoti K yasintha. Mwana wozolowera njirayo akafunsidwa kuti "K yatani?" amayankha kuti sinasinthe, kapena amayamba kuisintha ngakhale pa funso la puresha. Katalisiti nayo sisintha K kapena Q, imangofulumizitsa mbali zonse ziwiri kuti zikumane msanga.

Funso lako loyamba lija ine ndikanaliyankha motere: kuchepetsa voliyumu ndi theka kwawirikiza makonsentireshoni onse kawiri, Q yaposa K, choncho ikwilibriyamu ipita kumanzere ndipo mamolo a NO₂ achepa. K sinasinthe chifukwa kutentha n'komweko. Konsentireshoni ya NO₂ pa ikwilibriyamu yatsopano ndi yaikulu kuposa ya poyamba, ndiye mtundu wabulawuni wada. Ukapeza mpata, chitanso sitepe zomwezi voliyumu itawirikiza kawiri m'malo mochepa. Uyambira pa 0.0025 mbali zonse, ndipo NO₂ ayenera kukathera cha pa 0.0033. Ukapeza nambala ina, yang'ana kaye ngati unakumbukira 2 wa mu 2x, kenako unditumizire ntchito yako ndiione.