Sikiriputi ikuyenda, ndiye masiku anayi ndi a chiyani?

“Moni. Ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku Mowatize. Sikiriputi ya Python imene imatipangira lipoti la pamwezi yayamba kutulutsa manambala osagwirizana ndi a kosungira katundu. Ndikufuna masiku angapo kuti ndiikonze, koma a shefe akuti ‘bola ikuyenda, osaikhudza’. Ndiwalembere kalata yotani, yaifupi, kuti amvetse?”

Achemwali, mawu akuti “bola ikuyenda” ndinawawerenga katatu, chifukwa ine ndinawanenapo ndi pakamwa panga, ndipo munthu wina anatsala pang’ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha mawu amenewo. Ndiloleni ndiyambire kumeneko.

Nthawi imeneyo ndinali ku Ulongwe, m’boma la Angoniya, pa kampani ina yogula mbewu kwa alimi. Tinali ndi malo ogulira asanu, ena cha ku Domwe, ena ku Tsangano. Kalaliki aliyense ankalemba mu Excel dzina la mlimi, tsiku ndi makilo, n’kutumiza fayilo ya CSV mwezi ukatha. Sikiriputi yanga inkatola mafayilo asanuwo, n’kuphatikiza makilo, n’kutulutsa lipoti, limene mu ofesi tinkangoti relatoriyo, lopita kwa akuluakulu mumzinda wa Tete. Ntchito imene kale inkadya masiku awiri inkatha madzi a tiyi asanawire.

Amene amadziwa Angoniya akudziwa kuti malire ali pakhomo. Ukangodutsa Kalomwe uli pa Dedza. Makompyuta athu oyamba anagulidwa ku Malawi, ndipo anabwera otchera m’Chingerezi. Kumeneko makilo 62 ndi theka amalembedwa `62.5`. Kenaka kompyuta ya malo ena a ku Tsangano inafa, ndipo yatsopano inachokera ku Tete, yotchera m’Chipwitikizi. Kwa ife ophunzira sukulu kuno ku Mozambiki palibe chachilendo: theka timalisiyanitsa ndi vigula, `62,5`, ndipo kadontho ndi ka masauzande, `1.250`. Kalaliki wathu analemba bwinobwino monga anaphunzirira. Sanalakwe kalikonse.

Kumayambiriro kwa Julayi, tikupanga lipoti la soya wa Juni, sikiriputi inagwa. Excel yotchera m’Chipwitikizi polemba CSV imalekanitsa magawo ndi `;` osati vigula, popeza vigulayo ili kale ndi ntchito m’manambala. Sikiriputi inaona mzere wonse ngati chinthu chimodzi, sinapeze gawo la `kg`, n’kuima. Ndinatsegula fayilo, ndinaona vutolo, ndinawonjezera `sep=";"` pa fayilo ya malo amenewo, ndipo m’mphindi khumi lipoti linatuluka. A shefe atafunsa ndinati zatheka, ikuyenda.

Chimene sindinayang’ane ndi mzere uwu, umene ndinaulemba kalekale pofuna kuti sikiriputi isamaime munthu akalemba chilembo pamalo a nambala:

```python
df["kg"] = pd.to_numeric(df["kg"], errors="coerce")
```

Mawu akuti `coerce` amauza pandas, chida cha Python chowerengera matebulo, kuti chilichonse chimene sakuchimvetsa achisandutse `NaN`, kutanthauza kuti palibe kanthu, osadandaula. Ndipo `sum()` pophatikiza imadumpha `NaN` mwakachetechete. Tsono taonani zimene zinachitikira fayilo ya ku Tsangano ija. Mlimi wa makilo `850` anawerengedwa bwino. Wa `62,5` anasanduka `NaN`, n’kusowa. Wa `1.250`, amene anabwera ndi ngolo yodzaza, makilo chikwi chimodzi ndi 250, anawerengedwa ngati wabweretsa kilo imodzi ndi kota. Ameneyu ndiye woopsa kwambiri, chifukwa `1.250` ndi nambala yovomerezeka ndithu, palibe chimene chingalire.

M’fayilomo munali mizere 340. Mizere 61 inali ndi vigula, ndipo inapita ndi matani pafupifupi 18. Mizere 38 inali ya alimi opitirira makilo 1000, ndipo inapita ndi matani pafupifupi 53. Malisiti a pepala ankati matani 187. Lipoti langa linati 116. Koma ndalama zolipira alimi sizinkadutsa mu sikiriputi yanga, zinkachokera ku ofesi ya zachuma, ndipo zinali za matani 187. Aliyense woika mapepala awiriwo pamodzi ankaona chinthu chimodzi chokha: ndalama za matani 71 zatuluka, soya wake palibe.

Kalaliki uja, bambo wamkulu kuposa ine, wa ana ake akusekondale, anaitanidwa kuti adzafotokoze. Anabwera m’mawa wozizira wa Julayi atanyamula mabuku a malisiti m’thumba la feteleza. Anakhala pa benchi panja pa ofesi tsiku lonse. Palibe anakayikira kompyuta, ngakhale ine ndemwe, mpaka madzulo pamene anandipempha kuti, “Mwana wanga, tiyeni tiwerenge limodzi, lisiti ndi lisiti.” Tisanafike lisiti la makumi awiri ndinali nditaona `1.25` pa dzina la mlimi amene pa pepala anali ndi matumba 25. Ndinapepesa kwa iwo, ndinapepesa kwa a shefe, koma anthu a pa msika anali atamva kale kuti bamboyo akufunsidwa za ndalama, ndipo mbiri yotere siibwezeka ndi kalata.

N’chifukwa chake ndimakana, ndipo ndimakanitsitsa, zoti sikiriputi yoyenda ndi sikiriputi yabwino. Imene yagwa ndi yachifundo, imakuuza kuti usatumize. Imene imatulutsa lipoti lokongola la manambala abodza ndiyo imapweteka anthu. Ndipo `errors="coerce"` pa gawo la makilo kapena la ndalama, popanda kuwerenga kuti ndi mizere ingati yatayika, ndimaiona ngati sikelo yopotoka. Ndikudziwa ena anena kuti mafayilo a kumudzi amabwera ndi zinyalala ndipo popanda mzerewo lipoti silingatuluke. Lisatuluke. Liime, linene kuti mzere wa 47 sukumveka, munthu aimbe foni.

Pena ndimamva achinyamata akudandaula kuti mabwana samvetsa za makompyuta. Ine sindiwaimba mlandu a shefe anu. Iwo amaona lipoti likufika pa tsiku lake, ndipo wina akuwapempha masiku anayi a malipiro kuti akonze chinthu chimene m’maso mwawo sichinathyoke. Mukawalembera kuti khodi ndi yakale, kapena kuti ikufunika kulembedwanso mwaukhondo, akana, ndipo akhala akulondola kukana. Zimenezo ndi zokhumba za ife olemba. Chawo ndi nambala imene amasainira.

Ndiye musanalembe kalata, pezani nambala imodzi. Sindikunena kuti vuto lanu ndi vigula ngati langa. Mwina wina anasintha dzina la gawo, mwina masiku akutembenuzika, `03/04` kuwerengedwa ngati 4 Malichi m’malo mwa 3 Epulo, n’kugwera m’mwezi wina. Koma kayezedwe kake n’kamodzi. Tengani malo amodzi ndi mwezi umodzi. Werengani mizere imene yalowa ndi imene yafika pophatikiza. Onani `df["kg"].isna().sum()`. Sanjani manambala kuyambira laling’ono, muone ngati pali katundu wa kilo imodzi pamene mukudziwa kuti pamabwera matumba. Kenaka yerekezani ndi pepala. Ola limodzi limakwana, ndipo mudzatuluka ndi chiganizo chimene bwana aliyense angachimve.

Masikuwo amapita kuti

Funso limeneli adzakufunsani, chifukwa kukonza kwenikweni kumaoneka kochepa. Kwa ine unali mzere umodzi:

```python
pd.read_csv(f, sep=";", decimal=",", thousands=".")
```

Koma `decimal` ndi `thousands` zomwezi ukazigwiritsa pa fayilo ya kompyuta ya Chingerezi, `62.5` akhoza kusanduka 625, ndipo wabweretsa bodza latsopano. Choncho tsiku loyamba limatha ukutsegula fayilo ya malo aliwonse kuti udziwe kalembedwe kake. Lachiwiri ndi lokonza ndi kuika alonda, kuti sikiriputi iziima ikataya mzere ngakhale umodzi kapena ikaona makilo osatheka. Lachitatu, limene ambiri amaliiwala popempha, ndi loyendetsanso miyezi yapitayo n’kuyerekeza ndi mapepala, chifukwa ngati vuto linayamba kale ndiye kuti malipoti olakwika ali kale m’madirowa a anthu. Lachinayi ndi la munthu wina woti ayang’ane ntchito yanu, komanso la zimene mudzazipeze tsiku lachitatu. Musapemphe awiri pofuna kuoneka achangu. Mukadzabwerera kukapempha ena awiri, chikhulupiriro chimakhala chitachepa.

Ndipo sankhani sabata ya pakati pa mwezi, lipoti lina litangopita, lina lisanayandikire. Mafayilo oyambirira a makalaliki musawakhudze, gwirirani ntchito pa makope.

Kalata imene ndinayenera kulemba m’mawa uja m’malo monena kuti zatheka ndi iyi. Inu mudzaika manambala anu, ndipo ngati ofesi yanu imalemba m’Chipwitikizi mudzaitembenuza, mfundo zake zikhale zomwezi:

“Bwana, ndapeza kuti pulogalamu yopanga lipoti la pamwezi ikuwerenga molakwika makilo a malo athu a ku Tsangano. M’lipoti la Juni yaonetsa matani 116 pamene malisiti akuonetsa 187. Chifukwa chake n’chakuti kompyuta yatsopano ya kumeneko imalemba manambala mwa Chipwitikizi, ndipo pulogalamu inakonzedwera kalembedwe ka Chingerezi. Kalaliki sanalakwe, ndipo alimi analipidwa molondola. Ndikupempha masiku anayi, kuyambira Lolemba pa 14 mpaka Lachinayi pa 17: limodzi lofufuza mafayilo a malo onse asanu, limodzi lokonza, limodzi loyerekeza Epulo, Meyi ndi Juni ndi malisiti, ndi limodzi loti mnzanga atsimikizire. M’masiku amenewa ntchito zanga zina ziyamba zaima. Chonde lipoti la Juni lisagwiritsidwe ntchito mpaka nditakupatsani lokonzedwa Lachisanu pa 18. Ngati sinditha pa nthawiyi, la Julayi ndidzalipanga pamanja kuti lisachedwe. Ndikudikira chilolezo chanu.”

Mulibe mawu akuti Python kapena pandas, ndipo musawaikemo. Chiganizo chonena kuti wakuti sanalakwe muchiike pokhapokha mwatsimikiza, koma mukatsimikiza musachisiye, chifukwa bwana akaona manambala awiri osiyana maganizo ake amathamangira kwa munthu. Ngati munalemba sikiriputiyo ndinu, ndipo cholakwa chili mu mzere wanu, nenani choncho m’chiganizo chimodzi, osadzikhululukira ndime yonse.

Akakana ngakhale ataona nambala, apempheni akuyankheni molemba, ndipo pansi pa lipoti lililonse muzilemba kuti manambala a malo akutiakuti sanatsimikizidwe ndi mapepala. Kalatayo musangoitumiza pa imelo. Isindikizeni, mupite nayo limodzi ndi lisiti limodzi ndi mzere wake wa m’lipoti, muwaike patebulo pawo moyandikana.