Msonkhano umodzi basi? Ine unandidyera matumba a kachewere

"Abale, gulu lathu kuno ku Tsangano lalonjezedwa ndalama za ulimi wamthirira. Atiuza tilembe bajeti ya miyezi yoyambirira, ntchito yeniyeni isanayambe. Tiikemo chiyani, nanga zingati? Ena akuti tingolemba za msonkhano umodzi basi."

Achemwali, amene akukuuzani za msonkhano umodziyo mumufunse ngati anaimapo pamaso pa mafumu m'thumba muli mbee. Ine ndinaimapo, mu Ogasiti 2023, kuno mbali ya Bembeke, ndipo ndikamalemba pano mtima ukuchita kuthamanga ngati zachitika dzulo.

Yathu inali ngati yanuyo. Alimi 40, pampu ya sola, thanki ndi mapaipi, kuti tizidzala kachewere wachilimwe osadalira kheni. Ndalama zonse K18 miliyoni. Bajeti anatilembera bambo wina wa m'tauni amene tinamulipira kuti amadziwa chizungu cha madona. Pampu anaiwerengera mpaka kabawuti, koma pa zoyambira anangoika mzere umodzi, kudziwitsa anthu, K400,000. Munthuyo kumudzi kwathu anafikako kamodzi kokha, osatsika n'komwe kudimba poopa kudetsa nsapato. Ifenso tinangosainira. Tinkaona mamiliyoni aja, mzere waung'onowo sitinauyang'ane.

Kalata yoti tapambana inabwera mu Julaye. Mkulu wa ku bungwe lothandizalo anandiimbira foni, amvekere yambaniponi kukonzekera, nthawi isatithere, ndalama zikubwera sabata yamawa. Ndinamumvera. Ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe ku khonsolo, tinadutsa mosavuta chifukwa tinakwera nawo pa msonkhano umene unalipo kale, tinangothandizapo K90,000 ya chakudya. Kenaka ndinaitanitsa ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yathu yaikulu. Tsiku ndinatchula ndekha, ndi pakamwa pangapa, podalira sabata yamawa ija.

Ndinawerengera anthu 32, aliyense K5,000 ya thiransipoti, ndiye K160,000. Ndalamayo ndinabwereka kubanki m'khonde ya mayi a kunyumba. Tsikulo kunadzuka chisanu chija cha ku Dedza cholowa m'mafupa, anthu atakhala m'kalasi ya pulaimale atafunda zitenje ndi majekete. Ndikuyang'ana pakhomo, akungolowabe. Gulupu aliyense wabwera ndi nduna yake, alangizi abwera awiri, a komiti ya zachilengedwe, a zaumoyo, abusa oti atsegule ndi pemphero. Palibe amene analakwa, onsewo ndi oyeneradi kukhalapo pa nkhani ya madzi ndi malo, kungoti ine sindinafunse mlembi wa ADC kuti pamsonkhano wotere pamakhala anthu angati. Pepala losainira litazungulira linabwerera ndi maina 47. Ndinaliwerenga kawiri. K235,000. Fanta ndi mabanzi zinali zitadya kale K60,000 ya m'thumba mwanga, ndipo mabanziwo anachepa, amayi akumbuyo anachita kugawana pakati.

Msonkhano watha, anthu sakutuluka. Mukudziwa mmene zimakhalira, aliyense akunamizira kumanga chingwe cha nsapato, maso ali pa envulopu. Ndinapita kuseri kwa kalasi kuimbira mkulu uja. Foni ikuitana osayankhidwa. Kachitatu inayankhidwa ndi wina, akuti abwana ali ku msonkhano kunyanja. Kunyanja! Ine ndili kuseri kwa kalasi thukuta lili kamukamu ndi chisanu chonsecho. Ndinabwerera n'kuyamba kugawa kuyambira kwa mafumu, envulopu inathera pa munthu wa 32, otsala 15 ndinawalemba maina pa pepala la m'kope kuti ndidzawapatsa. Agogo ena a ndodo, ochokera kuseri kwa phiri, anandiyang'ana nati, mwanawe, wakabaza amene wandibweretsa ali panjapo akudikira, ndimuuze kuti adye dzina langa? Anthu anaseka. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mawa lake ndinatulutsa matumba a kachewere amene ndinasungira fizi ya mwana, ndinakagulitsa pamsewu mtengo wa wovenda, chifukwa wogulitsa mothamanga sanenerera.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si chimenecho ayi. Mgwirizano tinadzasainirana pa 1 Okutobala. Nditatenga malisiti anga onse, osungidwa bwinobwino mujumbo, wowerengera ndalama wa bungwelo anangoyang'ana madeti n'kundikankhira. Akuti chilichonse chimene munagwiritsa ntchito tsiku losainira lisanafike si cha pulojekiti. Ndinati nanga si bwana wanu anati tiyambe? Akuti muli ndi kalata? Ndinalibe. Anali mawu apafoni. Bwanayo atafunsidwa anati iye ankatanthauza kukonzekera m'maganizo. M'maganizo! K611,000 inapita choncho, ndipo lamulolo linalidi m'mapepala awo, tsamba lakumapeto limene bambo wa nsapato uja sanatiwerengere.

Mwina mukudabwa kuti K611,000 yakwana bwanji poti DEC ndi ADC pamodzi ndi K385,000. Inayo inathera ku banki ndi pa malo, zinthu ziwiri zimene mu bajeti munalibe ngakhale tambala.

Dona satumiza ndalama ku akaunti ya munthu, amafuna ya gulu, ndipo akaunti ya gulu imafuna malamulo a gulu olembedwa, maminitsi osonyeza kuti mwasankha osainira, chikalata cholembetsera gulu ndi ziphaso za osainirawo. Ife osainira tinali atatu, ulendo wa ku Dedza boma kupita ndi kubwera K8,000 munthu mmodzi. Tinapita kanayi. Ulendo woyamba maminitsi analibe chidindo. Wachiwiri tinapeza kuti chiphaso cha unzika cha msungichuma wathu chinatha mphamvu. Ndiye K96,000 yangothera pa minibasi ndi kabaza, akaunti ilibe kanthu. Inu a ku Tsangano ulendo wa ku Ntcheu boma mukuudziwa kutalika kwake, muwerengere maulendo anayi, osati umodzi.

Za malo ndiye tinachita uchitsiru weniweni. Pamene pankayenera kukhala thanki tinasainirana ndi bambo amene ankalima pamenepo. Tonse tikudziwa kuti bamboyo ndi mkamwini, koma poti ndi amene ankabwera kumisonkhano tinangoti basi. Patatha milungu iwiri mwinimbumba anatulukira kuchokera ku Lilongwe, akuti ndani wagawa munda wa alongo anga? Zinatengera mikumano itatu kwa amfumu, ya banja lonse, kuti chikalata chisainidwenso ndi eni ake enieni, mfumu n'kudindapo. K130,000, ndi mwezi wathunthu. Pa bajeti yanu malo muwapatse mzere wawokha, ndipo muyambe mwafunsa kuti mundawo ndi wa mbumba iti musanafunse kuti akulimapo ndani.

Mwezi umenewo ndi umene unatipha. Ndalama zinalowa kumapeto kwa Okutobala. Makoteshoni atatu a pampu amene tinatenga mu Julaye anali atatha kale ntchito, poti wogulitsa amalemba pansi kuti mtengowu ndi wa masiku 30 okha. Injiniya nayenso anati sangavomereze kukula kwa pampu asanayeze madzi a mumtsinje nthawi imene achepetsetsa, ndiye Okutobala yemweyo, ndipo ananena zoona, ukayeza mu Juni madzi amakunamiza. Koma mafuta a galimoto yake ndi alawansi ya masiku atatu munalibenso mu K400,000 muja. Tili pakati posonkhanitsa makoteshoni atsopano, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. Pampu ndi mapanelo zimene zinali K5.2 miliyoni tinazipeza pa K7.4 miliyoni. Dona sanawonjezere kanthu. Tinadula mapaipi, alimi 12 akumunsi madzi sanawafike, ndipo ena mwa iwo mpaka pano amati ndinadya ndine. Mvula itayamba lole ya simenti inakanika kutsika kudimba, ntchito inadikira mpaka Epulo. Zonse zoyambira zitawerengedwa zinafika K1,650,000, pa mzere wa K400,000.

Ndiye inu chitani chonchi. Musayambe ndi kufunsa kuti zingati, yambani ndi kalendala. Lembani chilichonse chimene chiyenera kutheka paipi yoyamba isanakwiriridwe, ndipo pa chilichonse mulembe kuti apita ndani, kangati, pa chiyani, adya chiyani. Mtengo wa kabaza mufunse wakabaza, chiwerengero cha ADC mufunse mlembi wake, ndiye muwonjezerepo anthu khumi. Mukatero muone kuti zitenga miyezi ingati. Ife tinkati milungu itatu, zinatenga miyezi inayi, ndipo mwezi uliwonse umadya mayunitsi, mabando, fotokope ndi thiransipoti ngakhale kudimba kusanakumbidwe dzenje. Ngati pali wolembedwa ntchito, kaya mlonda wa katundu, malipiro ake amayamba tsiku limene wayamba, osati tsiku limene madzi atuluka. Kwa ife zoyambira zinadya pafupifupi K9 pa K100 iliyonse ya pulojekiti. Sindikuti inunso mulembe yomweyo, koma mukaona yanu yatsika kufika K2 pa K100 ngati mmene inalili yathu, dziwani kuti pali zimene mwaiwala.

Kenaka mujambule mzere pa kalendalayo, tsiku losainira mgwirizano. Zonse za kumanzere kwa mzerewo mufunse dona kuti abweza kapena ayi, ayankhe pa pepala kapena pa uthenga woti mungausunge, osati pafoni. Akakana, zimenezo gulu lisonkherane, zilembedwe m'buku la gulu kuti ndi chopereka chanu. Mufunsenso ngati amalola mzere wa zogwa mwadzidzidzi, ena amalola kagawo kochepa ena salola, komanso ngati mungasunthe ndalama kuchoka mzere wina kupita wina popanda kupempha. Pa makoteshoni muyang'ane ngati msonkho wa VAT ulimo kale ndi kuti mtengowo ukhala masiku angati.

Ndipo chonde, musatulutse ndalama ya m'thumba mwanu. Ngakhale K1,000. Musaitane munthu aliyense ndalama isanalowe mu akaunti, muione ndi maso anu pa sitetimenti. Ngakhale kunena zoona akaunti yomweyo simungaitsegule osawononga ndalama, ndipo tikanakhala pansi kudikira Okutobala nkhani ya malo ija ikanatipeza mvula ili pamutu, mwina pulojekiti yonse ikanabwerera. Ndiye kaya. Khalani nayo ndithu kandalama kapambali, K200,000 kapena kuposerapo, koma ikhale ya gulu, ndipo amuna anu kapena banki m'khonde asadziwe n'komwe kuti kuli pulojekiti mpaka mutasainira. Za banki ndi za malo yambani lero lomwe, za misonkhano ikuluikulu dikirani.

Bajetiyo mulembe nokha ndi komiti yanu, wachizungu adzangokonza mawu. Mukamaliza muijambule muiponye muno tiione, ine ndiyang'ana mzere wa malo ndi wa ku banki poyamba. Malisiti anga aja akadali mujumbo momwemo pamwamba pa kabati, mayi a kunyumba amati ndiwasunge ndidzawaonetse mwana akadzafunsa chimene anakhalira pakhomo teremu yoyamba.